Nyumba 12 za tchati cha kubadwa: zimachokera kuti, ndipo iliyonse imanena za chiyani?

Anthu ambiri amene anamvako za kupenda nyenyezi amangodziwa chinthu chimodzi, chizindikiro cha tsiku limene anabadwa. Wina amati ndine Mkango, wina ndine Nkhanu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma munthu akaona tchati chenicheni cha kubadwa amapeza bwalo lodulidwa zigawo 12, chigawo chilichonse chili ndi nambala yake, ndipo wopenda akunena zinthu monga "Dzuwa lanu lili m'nyumba ya 12" kapena "nyumba yanu ya 7 ilibe kanthu." Zizindikiro zilipo 12, nyumba zilinso 12, choncho n'zosavuta kuganiza kuti ndi chinthu chimodzi. Si chimodzi ayi. Zizindikiro zimachokera ku ulendo wa dziko pozungulira dzuwa pa chaka, pamene nyumba zimachokera ku kutembenuka kwa dziko pa tsiku limodzi. Wamvetsa kusiyana kumeneku wamvetsa chifukwa chake opendawo amaumirira kufunsa ola ndi malo obadwira, komanso chifukwa chake iwo okhaokha amakangana pa nyumbazi.

Zimene zikufotokozedwa pano ndi zimene okhulupirira nyenyezi amaphunzitsa ndi mmene amawerengera. Funso lakuti kaya zimenezi zimanenadi zoona za moyo wa munthu lili kumapeto.

Thambo la pa mphindi imodzi

Tchati cha kubadwa ndi chithunzi cha thambo monga linalili pa mphindi imene mwana anabadwa, likuonedwa kuchokera pamalo amene anabadwirawo. Dzuwa, mwezi ndi mapulaneti zonse zimayenda mu kanjira kamodzi kozungulira thambo, kamene kamatchedwa zodiyaki. Kanjirako kali ndi madigiri 360 ndipo kanagawidwa m'zizindikiro 12 za madigiri 30 chilichonse: Nkhosa, Ng'ombe, Mapasa, Nkhanu, Mkango, Namwali, Sikelo, Chinkhanira, Woponya Uta, Mbuzi, Wotunga Madzi ndi Nsomba. Kudziwa chizindikiro chimene dzuwa lili kawirikawiri sikufuna ola, chifukwa dzuwa limasuntha pafupifupi digiri imodzi yokha pa tsiku.

Koma dziko limatembenukanso, ndipo kwa munthu amene waima pansi zimaoneka ngati zodiyaki yonse ikutuluka kum'mawa, kukwera, n'kukalowa kumadzulo, kamodzi pa maola pafupifupi 24. Taganizani za wotchi yapakhoma imene manambala ake 12 anakhomeredwa pagalasi, osasuntha, ndipo kuseri kwa galasilo kuli gudumu lojambulidwa zizindikiro ndi mapulaneti limene likuzungulira pang'onopang'ono. Manambala a pagalasi ndiwo nyumba. Gudumu ndilo zodiyaki. Tchati chimangoimitsa gudumulo pa mphindi ya kubadwa n'kuwerenga chimene chagwera kuseri kwa nambala iliyonse.

Poyambira kuwerenga ndi digiri ya zodiyaki imene inkatulukira kum'mawa pa mphindi imeneyo. Digiri imeneyi imatchedwa asendanti, ndipo pa matchati a pakompyuta imalembedwa ASC kapena AC. Moyang'anizana nayo, kumadzulo, kuli digiri imene inkalowa. Pamwamba pali digiri imene inali itafika pachimake pa ulendo wake wa tsikulo, pamene dzuwa limafika masana enieni, ndipo imalembedwa MC. Pansi pa dziko pali inzake yoyang'anizana nayo, IC. Mfundo zinayizi ndizo mizati ya tchati.

Pa pepala kum'mawa kumaikidwa kumanzere, zimene zimasokoneza aliyense wozolowera mapu. Nyumba yoyamba imayambira pa asendanti n'kutsikira pansi, ndipo manambala amayenda mobwerera m'mbuyo poyerekeza ndi mivi ya wotchi. Nyumba 1 mpaka 6 zili pansi pa dziko, zosaoneka, ndipo 7 mpaka 12 zili m'thambo looneka. Dzuwa limadutsa nyumbazi chafutambuyo: likangotuluka limakhala m'nyumba ya 12, kenako ya 11, chakumasana ya 10, masana atapendeka ya 9, mpaka kukalowa likuchoka m'nyumba ya 7. Pamenepa pali njira yachidule yoonera ngati tchati chalakwika. Munthu wobadwa pakati pa usiku dzuwa lake liyenera kukhala pansi, cha m'nyumba ya 3 kapena ya 4. Likaoneka pamwamba ndiye kuti wina walemba 12 koloko masana m'malo mwa 12 koloko usiku.

Zinayambira kuti

Zizindikiro 12 zinayambira ku Babulo cha m'ma 400 Khristu asanabadwe, ndipo zolemba zakale kwambiri zofotokoza thambo la pa tsiku la kubadwa kwa mwana zinachokeranso kumeneko, cha m'chaka cha 410 Khristu asanabadwe. Zolembazo zimatchula pamene panali mwezi ndi mapulaneti, koma nyumba mulibe. Nyumba zinadzabwera pambuyo pake ku Iguputo, nthawi imene dzikolo linkalamulidwa ndi Agiriki, m'zaka mazana awiri omaliza Khristu asanabadwe. Aiguputo anali atazolowera kalekale kudziwa maola a usiku poyang'ana magulu 36 a nyenyezi amene ankatuluka kum'mawa motsatizana, ndipo akatswiri ambiri a mbiri amaona kuti chidwi chimenechi cha chimene chikutuluka ndicho chinabala asendanti.

Pofika m'zaka za m'ma 100 Khristu atabadwa, olemba monga Vettius Valens wa ku Antiokeya anali akugwiritsa ntchito malo 12 amenewa pofotokoza matchati a anthu. Kuchokera kumeneko mwambowu unapita ku India, unadutsa m'manja mwa akatswiri olemba Chiarabu, n'kukafika ku Ulaya.

Mizati inayi

Matanthauzo a nyumba sanangogawidwa mwachisawawa. Ambiri a iwo amachokera pa malo amene nyumbayo ili m'thambo, ndipo zimaoneka bwino tikayamba ndi nyumba zinayi za pa mizati, 1, 4, 7 ndi 10. Mwambo umati pulaneti limene lili m'nyumba zimenezi ndi lamphamvu, zochita zake zimaonekera poyera.

Nyumba yoyamba ndi pamene chinthu chimatulukira kuchoka kosaoneka, monga mwana watulukira m'dziko. Choncho imaimira munthuyo mwini: thupi lake, maonekedwe, mphamvu ya moyo, khalidwe limene anthu amayamba kuliona. Nyumba zina zonse zimawerengedwa kuchokera pa iyi, ndipo zimanena za zinthu ndi anthu omuzungulira.

Ya 7 yayang'anizana nayo maso ndi maso, ndipo ndi ya munthu wina amene waima patsogolo pako. Ukwati uli m'menemu, pamodzi ndi mnzako wochita naye malonda. Koma mdani wodziwika, amene mukulimbana poyera kapena mukutsutsana naye m'khoti, alinso m'nyumba yomweyi. Ena amaseka akamva kuti mkazi kapena mwamuna wako ali m'chipinda chimodzi ndi wokusumira, koma ganizo lake ndi losavuta: onsewa ndi anthu amene muli nawo awiriwiri, wina uku wina uko.

Ya 10 ndi pamwamba, pamene aliyense amaona. Imanena za ntchito, udindo, mbiri ndi ulemu wa munthu pagulu, komanso akuluakulu omulamulira. Ya 4 ndi pansi penipeni, pobisika, ndipo imanena za makolo, nyumba yokhalamo, malo ndi minda, mizu ya banja, ndi mathero a zinthu, kuphatikizapo manda.

Pa makolo pali kusagwirizana kumene owerenga matchati amakumana nako msanga. William Lilly, wopenda nyenyezi wa ku England amene analemba buku lake lalikulu mu 1647, anaika bambo m'nyumba ya 4 ndi mayi m'nyumba ya 10. Olemba ambiri a masiku ano a kumadzulo anatembenuza, mayi ku 4 ndi bambo ku 10. Ku India mayi ali ku 4, koma bambo nthawi zambiri amafunidwa ku 9.

Zooneka ndi zosaoneka

Nyumba zisanu ndi zitatu zotsalazo zimamveka bwino ndi lamulo lina la Agiriki. Iwo ankati zizindikiro zimaonana ngati zatalikirana madigiri 60, 90, 120 kapena 180. Zotalikirana madigiri 30 kapena 150 sizionana. Popeza nyumba yoyamba ndi moyo wa munthu, nyumba zimene zimaiona zinkatengedwa kuti ndi zothandiza moyowo, ndipo zosaiona zinkatengedwa kuti ndi za zinthu zimene munthu sangazigwire bwino m'manja.

Nyumba ya 5 ndi ya 9 zili pa madigiri 120, mtunda umene unkaonedwa kuti ndi wabwino koposa. Ya 5 Agiriki ankaitcha Mwayi Wabwino, ndipo ndi ya ana, chisangalalo, masewera, chibwenzi, luso la zopangapanga ndi juga. Ya 9 ankaitcha Mulungu: chipembedzo, maulendo aatali, maiko achilendo, maphunziro apamwamba, malamulo ndi maloto. Ya 3 ndi ya 11 zili pa madigiri 60. Ya 3 ndi ya abale obadwa nawo, anansi, maulendo afupiafupi, makalata ndi mauthenga, ndipo olemba a masiku ano amawonjezerapo sukulu ya ubwana. Ya 11, imene inkatchedwa Mzimu Wabwino, ndi ya abwenzi, magulu, anthu okuthandiza ndi zimene ukuyembekezera.

Zotsala ndi 2, 6, 8 ndi 12, ndipo apa m'pamene pali nkhani zovuta za moyo.

Ya 6 inkatchedwa Tsoka. Ndi ya matenda, kuvulala, akapolo ndi antchito, ndiponso ziweto zing'onozing'ono. Lero imafotokozedwa mofewerapo: ntchito ya tsiku ndi tsiku, kasamalidwe ka thupi, anzako a kuntchito. Kusiyana kwake ndi ya 10 n'kwakuti ya 10 ndi dzina limene ntchito imakupatsa, pamene ya 6 ndi thukuta lake.

Ya 8 ndi ya imfa, mantha, chuma chamasiye, ngongole ndi ndalama za anthu ena. Pulaneti limene lili m'menemu likutsetsereka kupita kolowera. Ya 12, Mzimu Woipa, ndi ya adani obisika, ndende, chisoni, kutsekeredwa kwayekha ndi zinthu zimene munthu amadziwononga nazo yekha. Olemba a m'zaka za m'ma 1900, amene anakokedwa kwambiri ndi maphunziro a kaganizidwe ka munthu, anasandutsa ya 8 kukhala ya kusinthika kwa mumtima ndi kugonana, ndipo ya 12 anaisandutsa ya maganizo obisika, zipatala ndi moyo wauzimu. Munthu akawerenga mabuku awiri n'kupeza lina likuti ndende, lina likuti kusinkhasinkha, asadabwe. Onse akunena nyumba imodzi koma analemba m'nthawi zosiyana.

Ya 2 ndiyo imavutitsa lamuloli. Sionana ndi yoyamba, ndipo dzina lake lakale linali Chipata cha Hade, dziko la akufa, koma tanthauzo lake ndi ndalama, katundu ndi zonse zimene munthu ali nazo. Ofotokoza amati imatsatira nyumba yoyamba potuluka, choncho ndi zimene zimachirikiza moyo. Yankholi likumveka ndithu, koma likuonetsanso kuti matanthauzo a nyumba sanachokere pa lamulo limodzi lokha.

Ya 12 nayo ili ndi chodabwitsa chake. Ndi chigawo cha thambo chimene chili pamwamba pang'ono pa kotulukira dzuwa, choncho dzuwa la m'mamawa, lowala bwinobwino, limakhala m'nyumba ya zobisika. Yankho la mwambo ndi lakuti pulaneti la pamenepo ladutsa kale mzati, likuuchoka. Nyumba 3, 6, 9 ndi 12 zonse ndi zotero ndipo zimatchedwa zakugwa, zofooka. Nyumba 2, 5, 8 ndi 11 ndi zotsatira, zimene mapulaneti ake akupita ku mzati, ndipo mphamvu yake ndi yapakatikati.

Pali luso linanso limene limachulukitsa matanthauzo. Nyumba iliyonse ingatengedwe ngati yoyamba ya munthu amene imamuimira. Ngati ya 7 ndi mwamuna kapena mkazi wako, ya 8 ndi yachiwiri kuchokera pamenepo, ndiye kuti ndi ndalama zake. N'chifukwa chake chuma cha anthu ena chili ku 8. Ngati ya 4 ndi bambo, ya 10 ndi ya 7 kuchokera pa 4, ndiye kuti mkazi wa bambo, amene ndi mayi. Otsutsa amati luso limeneli limapatsa wopenda mpata wopeza chilichonse paliponse, pamene oligwiritsa ntchito amati lili ndi malamulo ake.

Malire a nyumba ali pati?

Pa mizati inayi palibe mkangano, chifukwa imawerengedwa ndi masamu a zakuthambo amene aliyense angawatsimikize. Mkangano uli pa mizere ya pagalasi lija, kuti nyumba ina imathera pati ndipo ina imayambira pati. Vuto lake ndi lakuti njira ya dzuwa inapendekeka madigiri pafupifupi 23.4 poyerekeza ndi ikweta, choncho mtunda wa pakati pa MC ndi asendanti kawirikawiri sukhala madigiri 90 enieni. Umakula ndi kuchepa tsiku lonse, ndipo kusinthaku kumakula munthu akamatalikira ikweta.

Njira yosavuta kwambiri imatenga chizindikiro chonse chimene muli asendanti kukhala nyumba yoyamba, chotsatira kukhala yachiwiri, choncho mpaka 12. Pa mapulogalamu imalembedwa Whole Sign. Ndiyo yofala ku India, ndipo kumadzulo inatsitsimutsidwa m'zaka za m'ma 1990 pamene zolemba zakale za Chigiriki zinayamba kumasuliridwa mwatsopano. Njira yachiwiri, Equal, imayambira pa digiri yeniyeni ya asendanti n'kumadula madigiri 30 nthawi iliyonse. Njira zina zambiri zimasunga asendanti ngati khomo la nyumba yoyamba ndi MC ngati khomo la ya 10, kenako zimagawa patatu mpata wa pakati pake. Zimasiyana pa chimene zikugawa. Ya Porphyry, wanzeru wa m'zaka za m'ma 200, imagawa madigiri a zodiyaki. Ya Regiomontanus, katswiri wa masamu wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1400, imagawa ikweta ya kuthambo, mzere wongoyerekeza umene uli pamwamba pa ikweta ya dziko, ndipo ndiyo imene Lilly ankagwiritsa ntchito. Ya Placidus, mmonke wa ku Italy amene anamwalira mu 1668, imagawa nthawi imene digiri imatenga kuchoka potulukira kufika pachimake.

Placidus ndiye amene mapulogalamu ambiri a kumadzulo amayambira naye ngati munthu sanasankhe. Chifukwa chachikulu n'chakuti m'zaka za m'ma 1800 matebulo osindikizidwa amene ankapezeka mosavuta ku England anali a njira imeneyi, ndipo anthu anazolowera. Koma ili ndi polekezera. Kupitirira madigiri pafupifupi 66 kumpoto kapena kum'mwera kwa ikweta, madigiri ena a zodiyaki satuluka n'komwe ndipo ena salowa, choncho palibe nthawi yoti igawidwe. Mwana wobadwira ku Tromsø ku Norway kapena ku Murmansk ku Russia tchati chake sichingatheke mokwanira m'njira ya Placidus, ndipo pulogalamu imangosinthira ku njira ina. Ngakhale kumunsi pang'ono kwa malire amenewa nyumba zimapotoka, ina kukhala yaing'ono kwambiri, ina kumeza chizindikiro chathunthu.

Tchati chimodzi, mayankho angapo

Tiyeni titenge mwana wongoyerekeza, wobadwa pa 2 Ogasiti cha m'ma 7 koloko m'mawa, nthawi ya chilimwe, ku London, mzinda umene uli madigiri 51.5 kumpoto kwa ikweta. Dzuwa lili pa digiri 10 ya Mkango ndipo latha pafupifupi ola ndi theka chitulukire. Asendanti ili pa 25 ya Mkango, MC ili pa 12 ya Ng'ombe. Tinene kuti chaka chimenecho pulaneti la Venasi linali pa 10 ya Namwali.

M'njira ya zizindikiro zathunthu, Mkango wonse ndi nyumba yoyamba, choncho dzuwa lili m'nyumba yoyamba. Mwambo umati dzuwa ndilo mwini wa chizindikiro cha Mkango, ndiye wopenda anganene kuti uyu ndi munthu woonekera, wodzidalira, wosabisika pagulu. Venasi ali mu Namwali, nyumba ya 2, ya ndalama.

M'njira ya madigiri 30 ofanana, nyumba yoyamba ikuyambira pa 25 ya Mkango kufika pa 25 ya Namwali. Dzuwa latsalira kumbuyo, m'nyumba ya 12, ndipo wopenda wa njira iyi anganene zosiyana kwambiri: munthu wogwira ntchito kuseri, wokonda kukhala payekha. Venasi walowa m'nyumba yoyamba. MC nayo yagwera m'nyumba ya 9, chifukwa ya 10 ikuyambira pa 25 ya Ng'ombe.

M'njira ya Porphyry timayeza kuchoka pa MC kufika pa asendanti, n'kupeza madigiri 103. Kugawa patatu kukupereka pafupifupi 34, choncho nyumba ya 11 ikuyambira cha pa 16 ya Mapasa ndipo ya 12 cha pa 21 ya Nkhanu. Kuchoka pa asendanti kufika pa IC, imene ili pa 12 ya Chinkhanira, ndi madigiri 77 okha, ndipo nyumba za kumeneko ndi za madigiri pafupifupi 26. Nyumba ya 2 ikuyambira cha pa 21 ya Namwali. Apanso dzuwa lili ku 12, Venasi ku 1.

Thambo ndi limodzimodzi, palibe amene walakwitsa masamu, koma dzuwa lasamuka kuchoka m'nyumba ya munthu mwini kupita m'nyumba ya zobisika. Wopenda wa ku India angafikenso kwina, chifukwa iye amayeza zodiyaki potsata nyenyezi zenizeni, ndipo masiku ano muyeso wake umatsalira madigiri pafupifupi 24 kumbuyo kwa wa kumadzulo. Kwa iye asendanti ili pa 1 ya Mkango, dzuwa pa 16 ya Nkhanu, Venasi pa 16 ya Mkango. Ngakhale akugwiritsa ntchito zizindikiro zathunthu, dzuwa akulipeza ku 12.

Tchati chomwechi chikuthandizanso kuyankha nkhawa ya nyumba yopanda kanthu. Mwambo wakale unkawerenga zinthu 7 zoyenda kuthambo, dzuwa, mwezi, Mekyuri, Venasi, Mazi, Jupita ndi Satuni, ndipo lero ambiri amawonjezera zitatu kukhala 10. Nyumba zilipo 12, choncho tchati chilichonse chili ndi nyumba zopanda pulaneti. Sizitanthauza kuti munthu sadzakwatira kapena sadzagwira ntchito. Wopenda amayang'ana chizindikiro chimene chili pakhomo la nyumbayo, n'kufunafuna pulaneti limene ndi mwini wa chizindikirocho. Kwa mwana wathuyu, njira zitatu za kumadzulo zija zonse zikuika Ng'ombe pakhomo la nyumba ya 10, ndipo mwini wa Ng'ombe ndi Venasi. Wa zizindikiro zathunthu anganene kuti mwini wa nyumba ya ntchito ali m'nyumba ya ndalama, choncho ntchito yake idzakhudza kusunga kapena kuyendetsa chuma. Enawo anganene kuti ali m'nyumba yoyamba, choncho ntchito idzadalira iye mwini, nkhope yake ndi luso lake. Pa mwininyumba agwirizana, koma pa kumene ali asiyana.

Theka la ola

Gudumu lija limayenda pafupifupi digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse, ndipo chizindikiro chimatenga maola awiri kutuluka tikatenga pakatikati. Koma kutali ndi ikweta zizindikiro sizituluka mofanana. Ku London Nkhosa ndi Nsomba zimatuluka pasanathe ola, pamene Namwali ndi Sikelo zimatenga pafupifupi maola atatu. Kum'mwera kwa ikweta zimatembenuka.

Mwana uja akanabadwa mphindi 30 pambuyo pake, asendanti ikanakhala italowa kumene mu Namwali. M'njira ya zizindikiro zathunthu nyumba zonse 12 zikanasuntha pamodzi: dzuwa ku 12, Venasi ku 1, ndipo nyumba ya 10 ikanakhala Mapasa, amene mwini wake ndi Mekyuri. Mphindi 30 ndi kusiyana kumene kumachitika mosavuta ngati nthawi inalembedwa mongoyerekeza kapena ikuchokera m'kukumbukira kwa kholo. Kuiwala kuti mawotchi a ku England amakankhidwa ola limodzi m'chilimwe kungalakwitse kuposa pamenepo. Choncho asendanti ikakhala pafupi ndi mapeto kapena chiyambi cha chizindikiro, kapena pulaneti likakhala digiri imodzi kapena awiri kuchokera pa malire a nyumba, opendawo nawonso amavomereza kuti pamenepo m'pokayikitsa. Nthawi ikakhala yosadziwika konse, ena amangosiya nyumba osaziwerenga. Ena amayesa kupeza ola pobwerera m'mbuyo, kuyerekeza zochitika za moyo wa munthu ndi matchati a maola osiyanasiyana, koma tchati chopezedwa motero sichingagwiritsidwenso ntchito ngati umboni wakuti nyumba zimanena zoona, chifukwa chinasankhidwa kale kuti chigwirizane ndi moyowo.

Mafunso amene sanathe

Pakati pa okhulupirira nyenyezi okha, funso la njira yolondola yodulira nyumba silinayankhidwe kwa zaka pafupifupi 2,000. Aliyense amati yake imagwira, ndipo palibe muyeso umene onse anavomereza kuti ungasiyanitse yoona ndi yolakwika. Ngakhale mbiri yake ndi yotsutsidwa: ena amati Agiriki oyambirira ankagwiritsa ntchito zizindikiro zathunthu, ena amati zolembazo sizinena zimenezo momveka. Palinso mkangano wa chiphunzitso chofala cha m'zaka za m'ma 1900 chakuti nyumba yoyamba ndi yofanana ndi Nkhosa, yachiwiri ndi Ng'ombe, mpaka kumapeto. Otsatira mwambo wakale amachikana, akuti chinasokoneza matanthauzo, ndipo amapereka chitsanzo cha kugonana kumene kunasamutsidwira ku nyumba ya 8 chifukwa choti Chinkhanira ndi chizindikiro cha nambala 8.

Kumbali ya sayansi, palibe njira yodziwika imene malo a pulaneti pa mphindi ya kubadwa angakhudzire ukwati kapena ntchito ya munthu, ndipo akatswiri a zakuthambo saona nyumba ngati zigawo zenizeni za thambo. Mu 1985 Shawn Carlson anafalitsa m'magazini ya Nature kafukufuku amene opendawo anapatsidwa tchati ndi mafotokozedwe atatu a khalidwe kuti asankhe la mwini tchatiyo. Analondola pafupifupi kamodzi pa katatu, monga angachitire munthu wongolota. Okhulupirira nyenyezi anatsutsa kakonzedwe ka kafukufukuyo, koma asayansi ambiri amaona kuti zotsatira zake zikugwirizana ndi za mayeso ena.

Nkhani ya Michel Gauquelin wa ku France ndiyo imakhudza nyumba mwachindunji. Kuyambira mu 1955 iye ananena kuti akatswiri a masewera amabadwa kawirikawiri pulaneti lofiira la Mazi litangotuluka kumene kapena litangodutsa pachimake. Mayeso ena otsatira sanapeze zimenezi, ndipo mbali ziwirizi zinakangana kwa zaka zambiri pa kasankhidwe ka anthu owerengedwa. Chovuta kwa onse n'chakuti malo amene iye anawatchulawo ndi nyumba ya 12 ndi ya 9, zimene mwambo umati ndi zofooka. Ngati anali kulondola, chiphunzitso cha nyumba zakugwa chiyenera kuonedwanso, ndipo ngati analakwa, umboni umene okhulupirira ambiri ankaudalira wachoka.

Mphindi ya kubadwa yeniyeniyo ndi iti? Ambiri amati ndi pamene mwana wapuma koyamba, koma chimene chimalembedwa kuchipatala ndi nthawi imene wina anayang'ana wotchi, ndipo mwana wobadwa mwa opaleshoni ola lake limasankhidwa ndi madokotala. Funso la mapasa, limene Augustine wa ku Hippo analifunsa kale cha m'ma 400, likadalipo: ana awiri obadwa mphindi zochepa motsatizana kawirikawiri amakhala ndi nyumba zofanana, koma moyo wawo ungasiyane kutali. Opendawo ena amayankha kuti mphindi zochepazo n'zokwanira kusintha tchati, ena amati tchati chimaonetsa zothekera osati zochitika, ndipo mayankho awiriwa sagwirizana bwinobwino, chifukwa loyamba limafuna kuti nyumba zikhale zolondola mpaka pa digiri, pamene lachiwiri limazisiya zotakasuka moti n'kovuta kuziyesa.